Mutu wa imelo yokumbutsa: "Re:" musamamulembe ndi dzanja

Mwatumiza kotesheni ku ofesi ina ya ku City Centre, masiku adutsa, koma kuli zii. Mukufuna kuwakumbutsa. Anthu ambiri akafika pamenepa amatsegula imelo yatsopano n'kulemba `Re:` kutsogolo kwa mutu, kuti wolandirayo aganize kuti pali nkhani imene anali kukambirana nanu kale. Imeloyo amaitseguladi. Koma akaitsegula n'kupeza kuti pansi palibe kalata iliyonse yakale, amadziwa nthawi yomweyo kuti mwamupusitsa, ndipo kotesheni yanu amaiwerenga ali ndi zimenezo mumtima, ngati angaiwerenge n'komwe.

Lamulo lake ndi limodzi: `Re:` salembedwa ndi dzanja. Amabwera yekha mukadina `Reply` pa imelo imene ilipo kale. Ngati mukuchita kumutaipa, ndiye kuti sakuyenera kukhalapo.

Zimene zimachitika kuseri

Imelo iliyonse imakhala ndi mizere ina imene sitiiona tikamawerenga. Umodzi mwa mizereyo ndi `Message-ID`, chizindikiro cha imelo imeneyo yokha basi, ngati nambala ya risiti. Mukadina `Reply`, pulogalamu yanu imachita zinthu ziwiri. Imaika `Re:` pamutu, komanso imatenga chizindikiro cha imelo yoyambayo n'kuchilemba pa mizere ya `In-Reply-To` ndi `References`. Yankho lenileni limaoneka chonchi:

```
Subject: Re: Kotesheni Q-118: matisheti 150
Message-ID: <b72f@example.com>
In-Reply-To: <a41c@example.com>
References: <a41c@example.com>
```

Mizere iwiri yomalizayo ndi imene imamanga imelo zonse za nkhani imodzi kukhala mtolo umodzi. Malamulo a kalembedwe ka imelo, amene ali m'chikalata chotchedwa RFC 5322 cha mu 2008, amanena kuti mutu wa yankho ungayambe ndi `Re:` kamodzi kokha, kenako mutu wa imelo yoyamba ija. Mawuwo anachokera ku Chilatini, "in re", kutanthauza kuti "pa nkhani ya".

Mukataipa `Re:` nokha pa imelo yatsopano, mizere iwiri ija simakhalapo. Mutu ukunena kuti ili ndi yankho, koma palibe chimene likuyankha. Aliyense angathe kuona zimenezi: mu Gmail ya pakompyuta amadina timadontho titatu ta pambali pa imeloyo n'kusankha `Show original`, ndipo zonse zimaonekera poyera. Kunena zoona, anthu ambiri safika kumeneko. Amangoona kuti imeloyo yaima payokha, pansi pake palibe mawu akale, ndipo akafufuza dzina lanu mu `Sent` sapeza kanthu.

Pali ena m'maofesi mwathu amene amalemba `RE:` mosafuna kunyenga munthu. Anazolowera kalata ya papepala, imene pambuyo pa malonje timalemba RE: n'kudula mzere pansi pa mutu. Papepala n'zoyenera ndithu. Pa imelo, bokosi la `Subject` lagwira kale ntchito imeneyo, ndiye mukawonjezera `RE:` wolandira amawerenga kuti mukumuyankha. Ofunsira ntchito ndi amene amagwa kwambiri mu mbuna imeneyi.

Choyamba: onani kuti muli pati ndi munthuyo

Musanalembe chilichonse, tsegulani imelo yanu, lembani adiresi ya munthuyo pofufuzira, muone zimene zatuluka. Zingatuluke zinthu zitatu.

Ngati iyeyo anakulemberanipo pa nkhani yomweyi, palibe chovuta. Tsegulani imelo yake yomaliza, dinani `Reply`, mutu musaukhudze. `Re:` ameneyo ndi woona, ndipo munthuyo aona mawu ake omwe pansi pa anu.

Ngati simunalemberanepo n'kamodzi komwe, mwina munangokumana pamsonkhano wina ku BICC n'kupatsana makadi, kapena munalankhulana pafoni, ndiye kuti imelo yanu ndi yoyamba ngakhale kuti nkhaniyo si yoyamba. Lembani imelo yatsopano ndi mutu watsopano wopanda `Re:`. Pakhomo pamene simunalowepo mumayamba ndi odi, simulowa ngati mwana wa m'nyumba.

Chachitatu ndi chimene chimavuta, ndipo tikhalitsapo: munalemba inuyo, iye sanayankhe.

Munalemba, sanayankhe

Apa pali njira ziwiri zoona. Yoyamba ndi kupita mu `Sent`, kutsegula imelo yanu yomwe ija, n'kudina `Reply`. Pulogalamu idzaika `Re:` yokha, ndipo si bodza, chifukwa imelo imene mukuitsatirayo ilipodi ndipo ikuoneka pansipo ndi tsiku lake. Ubwino wake ndi wakuti wolandira safunika kufufuza: zonse zili pamalo amodzi.

Koma pali zinthu ziwiri zimene zimalakwika pa njirayi. Mapulogalamu ena mukadina `Reply` pa imelo yanu yomwe, amaika adiresi yanu pa `To`, ndiye mumadzikumbutsa nokha n'kumadikira yankho sabata yathunthu. Yang'anani pa `To` musanatumize, ndipo ngati panali anthu ena pa `Cc`, gwiritsani ntchito `Reply all`. Chachiwiri, `Reply` satenga mafailo amene munamatako poyamba. Kotesheni ija ya PDF siipita nawo. Imateninso, makamaka ngati munthuyo amawerengera pafoni, kumene kufunafuna failo m'kati mwa mtolo kumatopetsa.

Komanso mawu oyamba a imeloyo asasokoneze zimene mutu wanena. Mutu wa `Re:` woona ungasanduke wabodza ngati mwayamba ndi "Zikomo chifukwa cha yankho lanu" kapena "Monga tinagwirizana" pamene munthuyo sanayankhe kalikonse. Nenani mmene zilili: "Ndikutsatira imelo yanga ya pa 2 Juni, ili pansipa."

Njira yachiwiri ndi kulemba imelo yatsopano, mutu watsopano. Imeneyi ndi yoyenera pakakhala chinthu chatsopano chimene munthuyo ayenera kuchiona ngakhale asanatsegule: tsiku lomaliza layandikira, mtengo wasintha, kapena mukufuna atsimikize chinachake. Ndi yoyeneranso ngati mwadziyankha kale kamodzi popanda phindu. Ife timaona kuti kudziyankha kamodzi n'kokwanira. Mtolo wa imelo zinayi, zonse zochokera kwa inu nokha, umaoneka ngati munthu amene akulankhula yekha pamsewu, ndipo ngati mutu woyamba sunamukoke, kuubwereza kanayi sikusintha kanthu.

Nkhani ya matisheti 150

Titenge chitsanzo chongoyerekeza. Muli ndi kampani yaing'ono yodinda zovala ku Old Town. Bungwe lina la ku City Centre lili ndi msonkhano Lachisanu pa 20 Juni, ndipo mayi amene amagula zinthu kumeneko anakuimbirani foni kupempha mtengo wa matisheti 150 okhala ndi chizindikiro cha bungwelo. Kudinda kumakutengerani masiku 4 ogwira ntchito. Ndiye kuti ngati katundu akufunika pa 20 m'mawa, muyenera kuyamba Lolemba pa 16, ndipo oda iyenera kukhala itatsimikizika pofika Lachisanu pa 13.

Lolemba pa 2 Juni mukutumiza kotesheni. Munalankhulana pafoni, koma pa imelo aka n'koyamba, choncho `Re:` palibe. Mutu wake:

```
Kotesheni Q-118: matisheti 150 a msonkhano wa pa 20 Juni
```

Ntchito yaikulu ya kukumbutsa imagwiridwa pano, pa imelo yoyambayi. Mutu uwu ukhala ukuyenda ndi mayankho onse, ndiye ukakhala wakuti "Kotesheni" basi kapena "Moni", zikumbutso zanu zonse zidzanyamula ulesi womwewo. Mayiwa mwina apempha makotesheni kwa makampani atatu, poti m'mabungwe ambiri ndi mmene amagulira zinthu, ndipo onse atatu alemba mutu wofanana. Nambala ya kotesheni, dzina la katundu ndi tsiku la msonkhano n'zimene zimasiyanitsa yanu ndi za anzanu, komanso n'zimene adzalembe pofufuzira tsiku limene abwana awo adzafunse.

Lachinayi pa 5 Juni kudakali zii. Masiku atatu ogwira ntchito ndi nthawi yabwino yodikira pa nkhani ngati iyi, chifukwa makotesheni amayamba adutsa m'manja mwa anthu angapo. Palibe chatsopano chimene chachitika, mukungofuna kudziwa ngati inafika. Apa dinani `Reply` pa imelo yanu, onani pa `To`, mataninso PDF. Mutu ubwera wokha:

```
Re: Kotesheni Q-118: matisheti 150 a msonkhano wa pa 20 Juni
```

M'katimo mizere itatu yakwana: "Mayi, ndikutsatira kotesheni imene ndinatumiza Lolemba, ndaimatanso pano. Kodi yakupezani? Ngati pali chofunika kusintha, monga mtundu kapena masaizi, mundiuze."

Lachiwiri pa 10 Juni sanayankhebe, ndipo tsopano pali chatsopano: kwatsala masiku atatu kuti nthawi yotsimikizira oda ikupitirireni. Ichi sichiyenera kubisala pansi pa mutu wakale. Lembani imelo yatsopano:

```
Matisheti 150 (Q-118): tsimikizani oda pofika pa 13 Juni
```

Taonani zimene zili m'mutuwu. Katundu ali kutsogolo, nambala yomwe ija ilipo kuti athe kulumikiza ndi zakale, kenako chimene mukufuna kuti achite, ndi tsiku. Tsikulo ndi loona, ndipo m'kati mwa imelo mulifotokoze: kudinda kumatenga masiku 4, ndiye oda ikabwera pambuyo pa 13, katundu safika pa 20. Poti iyi ndi imelo yatsopano, pansi pake palibe zakale, choncho tchulani kuti kotesheni munatumiza pa 2 Juni ndipo muimatenso. Mukatero, imbaninso foni. Mayi amene anakupezani pafoni poyamba paja mwina ndi wa pafoni basi, ndipo palibe mutu wa imelo umene ungasinthe chizolowezi cha munthu.

Tsopano tiyerekeze kuti pa 10 pomwepo munalemba mutu wakuti `Re: Oda yanu ya matisheti`. Mabodza alipo awiri m'mawu asanu. Palibe imelo ya mutu umenewo imene mukuyankha, ndipo palibe oda. Mayi aja akauona mtima umagunda: kodi pali wina mu ofesi muno amene wapereka oda popanda LPO, chikalata chovomereza kugula? Amatsegula mwamantha, amapeza kuti ndi otsatsa malonda chabe, ndipo mantha aja amasanduka mkwiyo. Kwa munthu wogula zinthu pabungwe, mawu akuti "oda" ali ndi kulemera kwake, chifukwa ofufuza mabuku a ndalama akadzabwera amafunsa pepala lililonse. Mwamuika pamalo oti adzifotokoze pa chinthu chimene sanachite.

Lolemba pa 16, ngati palibe yankho, tsekani nkhaniyo ndi mutu wonena zoona:

```
Q-118: tsiku la 20 Juni silithekanso, kotesheni tiisunge?
```

Mukalemba kuti ndi yomaliza, ikhaledi yomaliza. "Chikumbutso chomaliza" chimene chimabwera Lolemba lililonse ndi mbale wake wa `Re:` wabodza uja.

Kamangidwe ka mutu watsopano

Yambani ndi dzina la chinthu chimene munthuyo angachizindikire, osati mmene inu mukumvera. "Kungokumbutsa", "Kutsatira" ndi "Chonde thandizeni" ndi mitu yoona, koma ndi yopanda kanthu m'kati. Wolandira sangadziwe kuti mukukumbutsa za chiyani mpaka atatsegula, ndipo pakatha mwezi sangaipezenso. Ikani nambala ya invoisi, dzina la ntchito kapena malo amene munakumana. Kwa munthu wa pamsonkhano uja, mutu wakuti "Tinakumana ku BICC Lachitatu: mitengo ya mabana imene munafunsa" ukugwira ntchito yonse imene anthu amafuna kuti `Re:` wabodza agwire, kukumbutsa kuti si inu mlendo, koma mosanama. Chofunika n'chakuti munakumanadi ndipo anafunsadi.

Zofunika kwambiri zikhale kumayambiriro, chifukwa foni imadula mutu wautali. Kuchuluka kwa zilembo zimene zimaoneka kumasiyana malinga ndi foni, ndiye njira yabwino ndi kudzitumizira kaye imeloyo n'kuiona pafoni yanu. Ngati nambala ndi tsiku zadulidwa, sinthani malo ake. Pachifukwa chomwechi, musayambe ndi dzina la kampani yanu. Likuoneka kale pamalo a wotumiza.

Imelo zambiri za m'maofesi a ku Lilongwe zimalembedwa m'Chingerezi, koma kamangidwe kake n'komweko: chinthu, nambala, chofunika kuchita, tsiku.

Kenako werengani mutuwo liwu ndi liwu, mukudzifunsa ngati imeloyo ikukwaniritsa lililonse. `Fwd:` kapena `FW:` akutanthauza kuti mukupatsira kalata ya munthu wina, ndiye pansipo pakhaledi kalatayo. Mawu akuti "zachangu" akhale ndi tsiku ndi chifukwa, apo ayi achotseni, makamaka akakhala m'zilembo zazikulu. "Invoisi yanu" ikhale invoisi ya katundu amene analandira. "Monga munapemphera" akhale kuti anapempha. Mutu umene ungakuchititseni manyazi munthuyo atakuimbirani n'kufunsa kuti "tinakambirana liti?" si wotumiza.

Bodza lina la `Re:`, lobwera ndi ulesi

Pali vuto lina limene limachokera mbali inayo. Mukufuna kulembera munthu za invoisi ya mwezi uno, koma adiresi yake simukuikumbukira, ndiye mukufufuza imelo yake ya chaka chatha n'kudina `Reply`. Mutu ukupita uli `Re: Phwando la Khirisimasi` pamene m'kati muli nkhani ya ndalama. Ku makina `Re:` ameneyu ndi woona, koma kwa munthu ndi wosocheretsa, ndipo invoisi yanu imakakwiririka pansi pa mtolo wakale umene palibe adzautsegule. Koperani adiresiyo, yambani imelo yatsopano.

Nkhani ikasintha pakati pa kukambirana, sinthani mutu. Mu Gmail ya pakompyuta, mukadina `Reply`, pakona yakumanzere pamwamba pa bokosi lolembamo pali kamuvi, ndipo pamenepo pali `Edit subject`. Dziwani kuti Gmail imayamba mtolo watsopano mutu ukasintha, monganso imachitira mtolo ukapitirira imelo 100. Kuti anzanu asasochere, mutu wakale mungausiye kumapeto kamodzi: "Tsiku lobweretsa matisheti (poyamba: Kotesheni Q-118)". Ndipo ngati mutu wadzaza ndi `Re: Re: Fwd: Re:`, siyani mmodzi, ena onse fufutani. Amene mumalemberana ndi mabungwe a ku Germany kapena ku Norway mudzaona `AW:` ndi `SV:`. Ndi `Re:` yemweyo m'zilankhulo zawo, musadabwe naye.

Kwa amene mumatumiza kwa anthu ambiri

Ngati mumatumiza zotsatsa malonda kwa anthu mazana nthawi imodzi, nkhaniyi imaposa ya ulemu. Malangizo a Google kwa otumiza imelo amanena mosabisa kuti mutu usayambe ndi `Re:` kapena `Fwd:` pokhapokha imeloyo ikhale yankho lenileni kapena yopatsira. Kuyambira mu Febuluwale 2024, Google inakhwimitsa malamulo ake, ndipo imafuna kuti imelo zimene olandira azidandaula kuti ndi sipamu zisafike pa 0.3 peresenti. Amenewo ndi anthu atatu okha pa 1,000 aliwonse. Munthu amene wazindikira kuti wapusitsidwa sachedwa kudina `Report spam`, ndipo madandaulo akachuluka, imelo zanu zonse zimayamba kugwera mu `Spam`, kuphatikizapo ma invoisi opita kwa makasitomala anu enieni. Ngati ena mwa olandirawo ali ku America, kumeneko lamulo la CAN-SPAM la mu 2003 limaletsa mitu yonyenga pa imelo za malonda.

Chimene chimapusitsa otumiza n'chakuti nambala ya otsegula imakwera akaika `Re:`, ndiye amaganiza kuti njirayo yagwira. Nambala imeneyo ikungosonyeza kuti anthu anakodwa. Yerekezani zina: ndi angati anayankha, angati anapempha kuti muwachotse pamndandanda, angati anagula. Gawani mndandanda wanu pawiri, theka mutu wina woona, theka mutu winanso woona, muwerenge mayankho pakatha sabata. Ndipo ngati pulogalamu yanu yotumizira imatumiza yokha zikumbutso, yesani potumiza ku adiresi yanu ina, mutsegule `Show original`, muone ngati mzere wa `In-Reply-To` ulipo. Ngati palibe koma mutu uli ndi `Re:`, pitani m'makonzedwe a pulogalamuyo mukachotse `Re:` pa mutu wa chikumbutsocho.